Ndanenerera shuga ku holoselo, bwana wakwiya: ndibwerereko bwanji?

Nangozo wa ku Mponela:
Moni nonse pa gulu. Ndili ndi golosale kuno ku Mponela, ndipo chino ndi chaka chachitatu ndikupikula katundu pa holoselo imodzi ku Lilongwe, cha ku Malangalanga. Ndimapita kamodzi pa masabata awiri alionse. Oda yanga sisinthasintha: mabelo 8 a shuga pa K60,000 belo limodzi, zigubu 3 za mafuta ophikira za malita 20 pa K120,000, makatoni 6 a sopo pa K35,000, ndi tina ndi tina monga mchere, machesi ndi mabisiketi ta K150,000. Zonse pamodzi zimakwana K1,200,000 ndipo ndimalipira pompopompo.

Lachiwiri lapitali ndinamva kwa mnzanga kuti pa shopu ina chapafupi pomwepo belo la shuga likupita pa K58,500. Nditafika pa kauntala ndinawauza bwana aja kuti andichotsere K2,000 pa belo, apo ayi ndikagula kwina. Anthu anali pamzere kumbuyo kwanga. Iwo anangoyang'ana pa kakyuleta pawo n'kunena kuti, "Mayi, pitani mukagule komweko." Ndinagulabe chifukwa katundu wina anali atatulutsidwa kale, koma sanandiyankhulenso, ngakhale lisiti anapatsira mnyamata kuti andipatse. Mtima wanga sukukhazikika. Munthu ameneyu anandisungirapo shuga nthawi imene amasowa. Koma nanenso phindu likuchepa. Ndibwerereko bwanji, ndipo ndipemphe chiyani?

Achimwene a Hadiweya:
Mayi musadzimvere chisoni, bizinesi si chibale. Inu mumapereka kashi, ndipo masiku ano munthu wa kashi ndiye mfumu. K1,200,000 kawiri pa mwezi ndi K2,400,000, pa chaka ikupitirira K28 miliyoni. Kasitomala wotere sayankhidwa choncho. Ine kwa amene amandipatsa malata ndi misomali ndimanena poyera kuti pa kashi ndikufuna 5 peresenti, ndipo amandipatsa. Bwererani mukanene zomwezo. Akakana, maholoselo ndi ambirimbiri mu Lilongwe.

Nangozo wa ku Mponela:
5 peresenti ndiye kuti K60,000 pa ulendo uliwonse. Achimwene, munthu wakana K16,000, angalole K60,000?

Wakale pa Holoselo:
Ndagwirapo ntchito pa holoselo ku Limbe zaka zisanu ndi chimodzi, poyamba ku sitolo yosungira katundu, kenako pa kauntala. Mundilole ndifotokoze mmene zimaonekera mukaima mbali inayo.

Achimwene a Hadiweya akunena zoona kuti kashi ili ndi mphamvu, koma shuga si misomali. Pamene ndinkagwira ine, shuga ndi mafuta ophikira zinali katundu woitanira anthu. Aliyense mu tauni amadziwa mtengo wa belo, ndiye sungaikepo zambiri. Pa belo limodzi bwana ankapeza ndalama yochepa kwambiri, mwina 2 peresenti, nthawi zina osafika n'komwe, ndipo pomwepo ndi pamene pachoke malipiro a anyamata otsitsa ndi mapaketi ong'ambika. Tiyerekeze kuti ndi chimodzimodzi kwa bwana anuwo: 2 peresenti ya K60,000 ndi K1,200. Inu munapempha K2,000. Kunena kwina, munawapempha kuti akugulitseni shuga moluza. Palibe akanalola, ngakhale akanakhala malume anu.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chinawapweteka kwambiri, munanena anthu ali pamzere. Akanati "chabwino" pamenepo, onse amene anali kumbuyo kwanu akanafuna mtengo womwewo tsiku lomwelo, ndipo pofika madzulo msika wonse ukanadziwa. Pa kauntala sitinkachotsera munthu wina aliyense anthu akumva. Amene ankachotseredwa ankalowa mkati, kapena ankaimba foni dzulo lake.

Ndikufunseni kaye, mayi: ulendo umodzi wa ku Lilongwe umakudyerani zingati, kuwerengera zonse?

Nangozo wa ku Mponela:
Minibasi kupita ndi kubwera K16,000. Katundu ndimakweza pa kalole kamene timachita hayala anthu angapo, gawo langa limakhala K45,000. Anyamata okweza ndi otsitsa K5,000. Ndiye K66,000. Osawerengera kuti tsiku limenelo pa golosale ndimasiyapo mwana wa mchemwali wanga, ndipo madzulo ndalama siikwana bwino.

Wakale pa Holoselo:
Ndiye taonani pamene pali nyama. Mumakangana ndi munthu chifukwa cha K16,000 pa shuga, pamene msewu ukukudyerani K66,000 ulendo uliwonse. Imeneyo ndi 5.5 peresenti ya oda yanu, kuposa ija akunena achimwene a Hadiweya.

Funso langa lina: holoselo imeneyo ili ndi lole yake yoperekera katundu? Maholoselo ambiri akuluakulu amakhala ndi makasitomala ku Kasungu, ndipo msewu wa M1 wopita ku Kasungu umadutsa pa Mponela pomwepo. Ngati lole yawo imadutsa kale pamphuno panu, kuikamo katundu wanu sikuwaonjezera dizilo woti angamudandaule. Mabelo 8 ndi makilogalamu 160 okha, zigubu zitatu sizifika 60, zonse pamodzi ndi sopo yemwe mwina makilogalamu 350. Pa lole ya matani 7 kameneko ndi kangodya chabe. Kwa iwo n'chinthu chotsika mtengo, kwa inu n'chodula. Zopempha zabwino zimakhala zotero. Shuga ndi mosemphanitsa: kwa inu K2,000 pa belo ndi K100 pa paketi, kwa iwo ndi phindu lonse.

Amake Mapasa:
Amene mukufuna shuga wotchipa mundipeze ku inibokosi, mlamu wanga amabweretsa mpaka pakhomo, mtengo tikambirana.

Woyang'anira Gulu:
Amake Mapasa, tsiku lotsatsa malonda ndi Loweruka. Komanso mayiwa sakufuna wogula naye watsopano, akufuna kukonza ndi amene ali naye kale.

Nangozo wa ku Mponela:
Lole ali nayo, ndimaiona ikudutsa Lachinayi m'mawa. Sindinaganizepo n'komwe. Ndinkaona ngati imeneyo ndi ya anthu a mashopu akuluakulu.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dowa:
Ine ndili ndi funso kwa mayi Nangozo. Mtengo wa K58,500 uja munauona ndi maso anu, kapena munangomva? Ndikufunsa chifukwa ine zinandichitikira ndi ufa wa mandasi. Ndinamva kuti kwina thumba n'lotsika, ndinakalipa kwa wondipatsa, kupita kumeneko ndinapeza kuti mtengowo ndi wa munthu wotenga matumba 30. Ndinabwerera ndi manyazi.

Nangozo wa ku Mponela:
Aphunzitsi mwandigwira. Ndamuimbira mnzanga uja posachedwapa. Akuti mtengo umenewo ndi wa mabelo 20 kupita m'tsogolo, ndipo iye amaphatikiza ndi azibale ake awiri. Wotenga 8 amagula pa K60,500. Ndiye kuti bwana anga aja ndi otchipa kale ndi K500.

Wakale pa Holoselo:
Ndipo dziwani kuti iwo ankadziwa zimenezo nthawi imene munkayankhula. Eni maholoselo amatuma anyamata m'mawa uliwonse kukaona mitengo ya anzawo, ena amaimbirana okha. Munthu akabwera ndi mtengo wa kwina umene si woona, pa kauntala timadziwa pompo, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene anganene timachichotsera theka. Sindikunena kuti musamatchule mtengo wa kwina. Tchulani, koma ukhale woti mwauona, wa katundu yemweyo, wa kuchuluka komweko, ndipo munene ngati funso: "Bwana, uko ndaona zakutizakuti pa makatoni 6, inu mungandithandize bwanji?" Mukatero mwamusiyira munthu khomo lotulukira. Mukati "apo ayi ndipita kwina" mwamutsekera pakona, ndipo chotsala n'choti akuuzeni kuti pitani.

Achimwene a Hadiweya:
Koma akulu, mukuwaphunzitsa mayiwa kugwada. Bwanayo naye analakwa. Kasitomala wa zaka zitatu sumuuza kuti pita. Ife tikamaopa kutchula zopita kwina, adzatikwera pamutu mpaka kalekale.

Wakale pa Holoselo:
Kuti analakwa sindikutsutsa. Koma kukhala ndi kwina kopita n'kosiyana ndi kuopseza nako. Ine ndingawalangize mayiwa kuti tinthu tina, monga mabisiketi ndi machesi, azigula kwina kamodzikamodzi, kuti azidziwa mitengo komanso kuti nkhope yawo izidziwika pa shopu yachiwiri. Bwana anuwo adzaona yekha pa invoisi kuti mabisiketi sakutuluka, ndipo adzafunsa. Pamenepo ndi iye wayambitsa nkhani, osati inu.

Ndipo za malata zanuzo, achimwene, pa katundu wa hadiweya pamakhala mpata waukulu pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, n'chifukwa chake 5 peresenti imatheka. Musawapatse mayiwa muyezo wa malonda ena.

Nachisale wa Lesitilanti:
Ine ndiikepo yanga ngakhale si ya golosale. Ndili ndi malo odyera ku Zomba ndipo nkhuku ndinkatenga kwa bambo wina woweta, 40 pa sabata. Chaka chatha ndinamupanikiza kuti atsitse K500 pa nkhuku, ndinamuuza kuti oweta ndi ambiri. Analola, nkhope ili gwa. Sabata yoyamba zinali bwino. Kuyambira yachitatu nkhuku zinayamba kubwera zazing'ono, zooneka kuti zachotsedwa m'khola masabata asanu asanakwane bwino. Kale nkhuku imodzi ndinkadula zidutswa 8 zooneka, tsopano ntchafu inkaoneka ngati ya njiwa, makasitomala n'kumadandaula. Zikuluzikulu zija ankapititsa kwa ena olipira mtengo wonse. Sanabe, anangondipatsa nkhuku ya mtengo umene ndinasankha ndekha. Nditapita kukakhala naye pansi anandionetsa malisiti a chakudya cha nkhuku, ndinasowa chonena. Panopa tinagwirizana pa sikelo, ndimalipira pa kilogalamu, ndipo ndimamupatsa theka la ndalama sabata imodzi nkhuku zisanabwere kuti agulire chakudya chomalizira. Pa chimenecho ndi pamene anandichotsera, mwa kufuna kwake.

Ndiye mayi, ngakhale akanalola K2,000 ija mokakamizika, ikanabwerera njira ina. Mwina tsiku losowa shuga akanati watha.

Nangozo wa ku Mponela:
Zimenezo ndiye zikundiopsa. Chaka cha 2024 shuga atasowa, anthu akuima pamizere m'mashopu, bwana amenewa ankandiimbira okha kuti mayi ndakusungirani mabelo 4, bwerani mawa. Golosale yanga inali imodzi mwa zochepa zimene zinali ndi shuga kuno, ndipo anthu obwerera shuga ankagulanso zina. Sindikufuna kutaya zimenezo.

Mnyamata wa Akaunti:
Ndaona aliyense akukamba za mtengo ndi thiransipoti, koma palibe watchula ngongole. Mayi, pa K1,200,000 imeneyo, yonse imakhala yanu?

Nangozo wa ku Mponela:
Ayi. Kawirikawiri K400,000 ndimabwereka ku banki mkhonde yathu. Chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pa mwezi, ndiye ndimabweza K480,000.

Mnyamata wa Akaunti:
Ndiye K80,000 pa mwezi ikupita ku chiwongoladzanja. Ndikudziwa kuti gawo lina limabwerera kwa inu pogawana kumapeto kwa chaka, koma pakali pano ikuchoka mu mpamba wa golosale. Bwanayo atalola kuti muzilipira K800,000 potenga katundu, K400,000 yotsalayo n'kumalipira pa oda yotsatira patatha masiku 14, simungafunikenso kubwereka. K80,000 pa mwezi ikuposa kutali K32,000 imene mukanapeza pa mwezi atakuchotserani K2,000 pa belo. Ine ndikanapempha ngongole ndisanapemphe china chilichonse.

Wakale pa Holoselo:
Masamu ake ndi oona, koma nthawi yake si ino. Munthu amene wangokangana nawe sabata yatha sungamupemphe ngongole sabata ino. Komanso kumbukirani kuti chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni maholoselo ambiri amaopa ngongole. Amene anali atakongoza katundu nthawi imeneyo anabwezeredwa ndalama yosakwanira kugula katundu yemweyo. Ena amene amalolabe amanena kuti udzalipira pa mtengo wa tsiku lobweza, osati wa tsiku lotenga. Ngati mudzafika pamenepo, chimenecho chilembedwe pa invoisi ndi dzanja la bwana: ndalama yotsala ndi yakuti, tsiku lobweza ndi lakuti, mtengo ndi wa lero. Zapakamwa zimabala mkangano mitengo ikasintha pakati.

Ndipo musapemphe zinthu zitatu tsiku limodzi. Mukapempha lole, ngongole ndi kuchotsera nthawi imodzi, adzasankha chaching'ono kwambiri n'kukupatsani, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnyamata wa Akaunti:
Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mukatchula zitatu, mumakhala ndi zoti musiye. Mumati chabwino, za ngongole tisiye, koma lole ndiye mundithandize. Munthu amamva ngati wapambanapo.

Wakale pa Holoselo:
Zimatheka kwa anthu amene sanakhumudwitsane. Apa pali bala kaye.

Nangozo wa ku Mponela:
Chabwino, ndiuzeni mmene ndingayambire. Ndiimbe foni kapena ndipite?

Wakale pa Holoselo:
Pitani, koma osati m'mawa pamene pali mzere komanso malole akutsitsa. Cha m'ma 2 koloko masana, pakati pa sabata, ndipo pewani kumapeto kwa mwezi. Gulani kaye oda yanu monga mwa nthawi zonse, lipirani, kenako mupemphe kuti muwaone pambali mphindi zisanu. Kupepesa kukhale kwachidule: munayankhula pagulu, ndipo mtengo umene munatchula munapeza kuti unali wa mabelo 20. Musachulutse. Munthu wa malonda amalemekeza amene wabwera kudzanena yekha kuti ndinalakwitsa nambala.

Tengani malisiti anu a miyezi isanu ndi umodzi, muwamange pamodzi. Osati kuti muwaopseze nawo, koma chifukwa bwana amaona anthu mazana pa tsiku ndipo mwina sadziwa kuti inu mumasiya K2,400,000 mwezi uliwonse osaphonya. Kenako muwauze vuto lanu lenileni, K66,000 ya msewu, ndipo mufunse ngati lole ya Lachinayi ingamakutsitsireni. Musanene kuti ulere. Nenani kuti ndinu okonzeka kuthandizapo pa dizilo, ndipo asiyeni atchule okha ndalama.

Inunso mubweretse kanthu m'manja. Chimene holoselo imakonda ndi oda yodziwikiratu. Auzeni kuti muzitumiza mndandanda Lolemba lililonse lachiwiri pa WhatsApp, ndalama n'kulowa ku banki Lachitatu, iwo n'kupakira madzulo ake. Kwa iwo ndiye kuti palibe kuwerenga mitolo ya ndalama pa kauntala, palibe kukuthamangirani pamene pali mzere.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dowa:
Pa ndalama yotsogola ndiye ndikuchenjezeni. Mukalipira Lachitatu katundu musanamuone, mphamvu yonse yapita kwa iwo. Lole ikafa pa Lumbadzi? Chigubu chikafika chikudontha? Panopa mumaona katundu ndi maso anu, katoni yonyowa mumaikana pomwepo. Mukakhala ku Mponela mudzalandira chimene anyamata asankha.

Wakale pa Holoselo:
Aphunzitsi akunena zoona, ndipo zimenezo zikambidwe tsiku lomwelo, zisanachitike. Funsani momveka: katundu akaonongeka pa msewu, ndi wa ndani? Pamene ndinkagwira ine lamulo linali loti chilichonse chimene kasitomala wasainira kuti walandira chili bwino, chatha, ndi chake. Ndiye musasaine pepala la dalaivala musanawerenge. Werengani mabelo, gwirani pansi pa belo lililonse ngati pali ponyowa kapena pong'ambika, yang'anani zotsekera za zigubu ngati sizinatsegulidwe, katoni yooneka kuti yamatidwanso itsegulidwe dalaivala ali pomwepo. Dalaivala adzakufulumizitsani kuti Kasungu ndi kutali. Musamukalipire, koma musasainenso. Chimene chaperewera lembani pa mapepala onse awiri, lanu ndi lake, asainepo, mujambule, mutumize kwa bwana lole isananyamuke. Mukadandaula mawa lake, bwana sangadziwe ngati waba ndi mnyamata wake kapena wanu, ndipo pamenepo ndi pamene ubale umaonongekera, kuposa pa mitengo.

Chinanso, funsani potsitsira. Madalaivala ambiri safuna kuchoka pa tala. Ngati golosale yanu ili mkati, konzani wa wilibala kapena ngolo adikire pamsewu.

Amake Mapasa:
Bwanji osangophatikizana ndi anzanu a magolosale kumeneko mufike mabelo 20, mupeze K58,500 ija?

Nachisale wa Lesitilanti:
Apa Amake Mapasa anena zanzeru. Koma pamafunika anthu okhulupirika. Ife tinayesa ndi mpunga, anthu anayi, tsiku lolipira mmodzi anazimitsa foni ndipo ine ndi amene ndinachita manyazi kwa wogulitsa chifukwa dzina linali langa.

Nangozo wa ku Mponela:
Kuno amene ndingaphatikizane nawo ndi omwe ndikupikisana nawo pa makasitomala. Ndiganizirabe. Ndipita Lachiwiri, ndidzakuuzani.

Nangozo wa ku Mponela:
Ndabwerako abale, ndipo ndadikira dala kuti lole ibwere kawiri ndisanalembe.

Ndinachita monga munanenera. Nditapepesa anaseka pang'ono n'kunena kuti tsiku lija anali atangolandira uthenga woti mafuta akwera, mutu unali utatentha. Malisiti sanawawerenge n'komwe, anangowayeza m'manja. Za lole analola, K20,000 pa ulendo, kutsitsa pamsewu. Wa wilibala ndimamupatsa K4,000. Ndiye pamalo pa K66,000 ndikulipira K24,000, ndikupulumutsa K42,000 ulendo uliwonse, ndipo sindikuchokanso pa golosale. Shuga sindinautchule n'komwe.

Pamapeto ndinalimba mtima n'kufunsa za ngongole, ngakhale a Wakale munaletsa. Anakana, koma mwaulemu. Anati tione kaye miyezi itatu mmene za lolezi ziyendere. Kenako iwo okha anati ngati ndingamatenge makatoni 10 a sopo m'malo mwa 6, andichotsera K500 pa katoni. Sindinayankhe, ndinati ndikaganize.

Vuto ndi ili. Ulendo woyamba lole inafika Lachinayi 9 koloko, zonse zili bwino. Ulendo wachiwiri inafika Loweruka madzulo. Ndalama ndinali nditatumiza Lachitatu, shuga anandithera Lachisanu m'mawa, ndinabweza makasitomala masiku awiri, Loweruka lonse. Komanso chigubu chimodzi chinali chitadontha, mafuta atatsika pafupifupi malita awiri. Ndinalemba pa pepala, dalaivala anasaina monyinyirika, ndinatumiza chithunzi. Bwana anayankha kuti adzachotsera K12,000 pa oda yotsatira. Za kuchedwa sanatchulepo kanthu.

Mnyamata wa Akaunti:
K12,000 ndi yolondola, malita awiri pa K6,000. Za sopo musalole msanga. Makatoni 4 owonjezera ndi K138,000 pa mtengo watsopanowo, ndipo chimene mukupulumutsa pa makatoni 10 onse ndi K5,000. Inu mumagulitsa makatoni atatu pa sabata, ndiye owonjezerawo akhala pa shelefu masabata awiri musanawakhudze. Ngati ndalama yake ichokera ku banki mkhonde pa 20 peresenti, chiwongoladzanja cha mwezi pa K138,000 ndi K27,600. Mukhala mukulipira K27,600 kuti mupulumutse K5,000.

Achimwene a Hadiweya:
Koma sopo saola, ndipo mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi. Katundu pa shelefu ndi bwino kuposa kwacha m'thumba. Ine ndikanatenga.

Mnyamata wa Akaunti:
Ndi ndalama yanuyanu, inde. Ndi yobwereka pa 20 peresenti, sopoyo afunika akwere kuposa pamenepo mwezi womwewo kuti mupindule.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dowa:
Ine ndibwerere pa za kuchedwa, chifukwa ndi zimene ndinkaopa. Masiku awiri opanda shuga, kuphatikizapo Loweruka, mwaluza zingati? Ndipo ndalama yanu K1,200,000 inagona kwa iwo masiku atatu. Ine ndikanati kuyambira pano ndizilipira katundu akafika. Airtel Money ilipo, banki ya pa foni ilipo, dalaivala angadikire uthenga.

Wakale pa Holoselo:
Kulipira zonse pofika sangalole pakali pano, chifukwa katundu akafika inu n'kunena kuti ndalama yaperewera, lole siingabwerere naye. Koma kuchedwaku kwakupatsani poyambira pabwino, ndipo musakusiye kudutse osanena, chifukwa mukakhala chete adzaona ngati Loweruka ndi Lachinayi n'chimodzimodzi kwa inu. Aimbireni, osati kulemba, muthokoze za K12,000, kenako munene kuti shuga anakutherani masiku awiri. Pemphani zinthu ziwiri zazing'ono: lole ikasintha tsiku akuuzeni Lachitatu musanatumize ndalama, ndipo muzitumiza theka Lachitatu, theka katundu akatsika. Akalola theka limenelo, ndiye kuti mwayamba kale kuyenda njira yopita ku ngongole ija osaitchula dzina. Inunso mbali yanu, muzisunga belo limodzi kapena awiri apadera, chifukwa lole idzachedwanso, makamaka dizilo akasowa.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dowa:
Mabelo awiri apadera ndi K120,000 ina yogona. Mukuwauza asatenge sopo chifukwa cha ndalama yogona, kenako mukuwauza asunge shuga.

Wakale pa Holoselo:
Za sopo sindinanene ine. Koma shuga amayenda tsiku lililonse ndipo ndi amene amakokera anthu pakhomo. Munthu akapeza kuti mulibe sopo wa mtundu wina amatenga wina. Akapeza kuti mulibe shuga amapita pa golosale ina ndi ndalama yake yonse.

Nangozo wa ku Mponela:
Ndawaimbira madzulo ano. Zodziwitsa lole ikasintha tsiku alola, ndipo andipatsa nambala ya dalaivala. Za theka akuti afunse kaye mkazi wawo amene amasunga mabuku, andiyankha Lolemba. Sopo ndawauza kuti pakali pano ndikhala pa 6. Oda ya sabata yamawa ndaikapo mabelo 9.

Nachisale wa Lesitilanti:
Dalaivala ameneyo muzimusungira botolo la madzi ozizira akafika. Lolemba mutiuze zimene mayi a mabukuwo anena.